Beseni la mpunga ndi K14,000 basi

Lolemba m'mawa ndinalandira chithunzi pa WhatsApp: beseni lodzaza mpunga, pansi pake K14,000, popanda mawu ena. Ntchito yanga kuno ku Zomba ndi kulembera amalonda mawu oika pansi pa zithunzi za katundu wawo, ndipo ambiri amatumiza chomwechi. Mayi amene anatumiza amapikula mpunga cha kunyanja ya Chilwa n'kumagulitsira pakhomo ku Matawale. Nditawaimbira anangoti, "Achimwene, ndi mpunga basi. Inu lembani kuti ndi wabwino."

Mawu oti "wabwino" sindiwalemba, chifukwa palibe wogulitsa amene amati wake ndi woipa. Ndinasiyanso kuuza amalonda kuti andifotokozere za katundu wawo, poti funso limenelo limawatseka pakamwa. Ndimafunsa kuti, "Munthu akafika pakhomo, amafunsa chiyani asanatulutse ndalama?" Apa mayiwo anamasuka. Anati anthu amafunsa ngati ndi Faya kapena Kilombero, ngati ndi wa chaka chino, ngati uli ndi miyala, ndiponso ngati makina sanauphwanye kwambiri. Zonsezi amayankha tsiku ndi tsiku, kungoti sankaziona ngati zoyenera kulembedwa.

Lachiwiri ndinapita ndi sikelo, ndipo ndinachita bwino. K14,000 ija sinali ya beseni la pachithunzi, inali ya chigoba cha malita 5. Wina akanachokera ku Chinamwali akuyembekeza beseni lonse, ndipo mkangano ukanayambira pageti. Tinajambulanso, chigoba chenichenicho chili kutsogolo. Titayeza chinakwana makilogalamu 4.2, kutanthauza pafupifupi K3,300 pa kilogalamu, koma ine ndinalemba 4. Kathiridwe kamasiyana, ndipo wogula akakapeza wochulukirapo sadandaula, pomwe akakapeza wopereweza amaimba foni.

Nkhani ya miyala ndi imene tinakhalirapo nthawi. Mayiwo ankafuna ndilembe kuti mulibe miyala. Ndinatapa manja awiri n'kumwaza m'lichero, tinapezamo timiyala tiwiri. Anati, "Ndiye mundithamangitsira makasitomala." Ndinawayankha kuti, "Mayi, amene adzalume mwala atawerenga kuti mulibe sadzabweranso, ndipo adzauza anzake." Anavomera, ngakhale monyinyirika. Mawu amene tinaika ndi awa:

"Mpunga wa Faya wa chaka chino, K14,000 chigoba cha malita 5, pafupifupi makilogalamu 4. Ndi wopetapeta, wosweka ndi wochepa, koma muusankhe musanaphike. Tili ku Matawale, mukhoza kudzauona musanalipire. Timalandira Airtel Money ndi Mpamba."

Dzina, mtengo ndi muyeso ndimaziika mu mzere woyamba dala. Facebook imadula mawu aatali n'kusiya "See more", ndipo ambiri sadinapo, makamaka bandulo ikamatha.

Lachitatu linandiwawa, ndipo cholakwa chinali changa. Sabata yapitayo mnyamata wina wogulitsa nsapato za kaunjika ananditumizira chithunzi ndi mtengo, ine posowa cholemba ndinaika kuti "zili ngati zatsopano" ndisanazigwire. Wophunzira wina wa ku Chikanda anagula, atafika kunyumba anapeza kuti soli ya kumanzere inali yomata ndi guluu. Mnyamatayo anabweza ndalama, koma wotukwanidwa anali iye, pa mawu amene ndinalemba ine. Ndinakamupepesa kumsika, ndipo tinakhala pansi n'kutembenuza nsapato iliyonse. Tsopano pansi pa chithunzi timalemba saizi yolembedwa pa nsapato, kutalika kwa mkati m'masentimita poti saizi za mayiko zimasiyana, ndi pamene pali chilema, n'kuonjezera chithunzi cha soli. Mnyamatayo analinso ndi zonena zambiri atangogwira nsapato m'manja. Amadziwa iti ndi ya chikopa chenicheni pongoipinda.

Lachinayi ndinangolemba za zitenje, zomwe sizivuta ukadziwa mamita ake komanso ngati nsaluyo imasuluka pochapa.

Lachisanu mayi a mpunga anaimba kuti kopikula mtengo wakwera, chigoba chafika K15,000. Pa WhatsApp sitinavutike, chifukwa chithunzi cha pa Status chimachoka chokha pakatha maola 24. Cha pa Facebook chimakhalabe, ndipo munthu akhoza kuchiona patapita mwezi n'kubwera ndi ndalama ya mtengo wakale. Ndinasintha mtengo n'kuonjezera tsiku kumapeto kwa mzere woyamba. Ndinawafunsanso ngati anthu akufunsabe mafunso aja. Anati za muyeso ndi miyala zatha, koma anthu atatu afunsa ngati angawatumizire pa kabaza mpaka ku Mpondabwino. Tinaitana wakabaza wa pafupi, anatiuza mtengo wake, ndipo ndinauika mu mzere womaliza.