Kutulutsa mizere ya tebulo pa chithunzi chopendekeka cha delivale noti

Ndimasunga kaundula wa katundu pa nyumba ina yogulitsa zipangizo zomangira ku Luwinga, ndipo madalaivala ochokera ku Lilongwe amanditumizira zithunzi za delivale noti pa WhatsApp lole isanafike. Chimene chinandidyera tsiku lathunthu chinali chithunzi chimodzi chojambulidwa pepala lili pa mpando wa lole, foni itagwiridwa cha m'mbali. Tesseract, pulogalamu yowerenga zilembo pa zithunzi, inawerenga pafupifupi liwu lililonse molondola, koma nambala ya matumba a simenti inakagwera pa mzere wa misomali, ndipo ya malata inapita pa mzere wa penti. Zoterezi zimandikwiyitsa kuposa chithunzi chosawerengeka, chifukwa tebulo limatuluka looneka bwinobwino pamene likunama.

Chifukwa chake ndi masamu chabe. Ngati tebulo ndi lotambalala mapikiselo 2000 ndipo lapendekeka ndi madigiri 2 okha, mbali ya kumanja imatsika kapena kukwera ndi mapikiselo pafupifupi 70. Mzere umodzi pa chithunzi changa unali wa mapikiselo 40, choncho nambala ya kumapeto inali itachoka pa mzere wake ndi mizere pafupifupi iwiri. Pulogalamu iliyonse yosonkhanitsa mawu potengera `top`, mtunda wa liwu kuchokera pamwamba pa chithunzi, imene `image_to_data` imapereka, idzasakaniza mizereyo.

Njira yofala ndi yopeza kupendekeka ndi `cv2.minAreaRect` kenako n'kutembenuza chithunzi chonse, ndipo imathandiza ngati pepala linajambulidwa kamera ili pamwamba penipeni. Pa chithunzi changa inawongola mizere ya pamwamba, ya pansi n'kukhalabe yopendekeka. Ichi ndicho chizindikiro choyenera kuchiyang'ana: mizere ya pamwamba ndi ya pansi ikapendekeka mosiyana, kapena pepala likaoneka lopapatiza kumutu ndi lotambalala kumunsi, kutembenuza sikungathandize ngakhale mutasintha madigiri tsiku lonse. Pamafunika ngodya zinayi za pepala, kuti likokedwe n'kubwerera m'maonekedwe ake.

```python
src = np.float32([tl, tr, br, bl])
dst = np.float32([[0, 0], [2480, 0], [2480, 3508], [0, 3508]])
M = cv2.getPerspectiveTransform(src, dst)
flat = cv2.warpPerspective(img, M, (2480, 3508))
```

Manambala 2480 ndi 3508 ndi kukula kwa pepala la A4 pa madontho 300 pa inchi, ndipo ngodyazo, kuyambira `tl` ya pamwamba kumanzere n'kuzungulira mpaka `bl` ya pansi kumanzere, ziyenera kutsatana mofanana m'mindandanda yonse iwiri, apo ayi chithunzi chimatuluka chopotoka. Pano ndi pomwe mtima unandipwetekanso, chifukwa ngodya ya pansi kumanja inali itadulidwa ndipo chala cha dalaivala chinaphimba ina. Ndinagwiritsa ntchito ngodya za mpanda wa tebulo lenilenilo, ndinazisonyeza ndi dzanja, ndipo m'malo mwa manambala a A4 ndinaika muyeso wa tebulo umene ndinaupima ndi rula pa delivale noti yakale ya kampani yomweyo.

Pali china choyenera kuchitika zonsezi zisanayambe. Chithunzi chogona cham'mbali kapena chozondoka chiyambe chaimikidwa, ndipo `image_to_osd` imanena ngati chatembenuka ndi madigiri 90, 180 kapena 270, koma siiona kupendekeka kwa madigiri 2 kuja, choncho ikanena 0 musaganize kuti pepala lawongoka.

Pepala litawongoka, sindinalipereke lonse kwa Tesseract. Kope lathu ndi la kaboni, lotuwa, ndipo theka lake linali mumthunzi, choncho ndinagwiritsa ntchito `adaptiveThreshold`, imene imayesa kuwala kwa kachigawo kalikonse pakokha. Kenako, mizere ndi zilembo zili zoyera pa chithunzi chakuda, ndinapeza mizere yojambulidwa ya tebulo ndi `MORPH_OPEN`, kamodzi ndi kachidutswa kotalika mopingasa ka 80 kwa 1 kamene kamafufuta zilembo n'kusiya mizere yopingasa yokha, kachiwiri ndi koimirira. Pomwe mizereyo yadutsana ndi pomwe pali ngodya za timabokosi, ndipo kabokosi kalikonse ndinakadula n'kukawerenga pakokha ndi `--psm 7`, imene imauza Tesseract kuti ndi mzere umodzi wa zilembo. Mwanjira imeneyi nambala siingasamukire pa mzere wina, popeza malo ake adziwika isanawerengedwe. Manambala olembedwa ndi bolopeni ndinawataipa ndekha, chifukwa Tesseract siidalirika pa zolemba pamanja.

Potsiriza ndinachulukitsa kuchuluka kwa katundu ndi mtengo pa mzere uliwonse n'kuyerekeza ndi chiwerengero cha kumapeto, ndipo mzere umodzi unagwidwa pomwe chidindo chinagwera pa 8 n'kuwerengedwa ngati 3. Delivale noti yopanda mitengo ndimaiyerekeza ndi oda yathu.

Madalaivala ndawapempha mwaulemu kuti aziyala pepala pamalo osalala, foni ikhale pamwamba penipeni, ndipo azitumiza chithunzicho ngati fayilo kuti WhatsApp isachichepetse. Chachikulu ndabwereza kwa aliyense: achimwene, ngodya zonse zinayi za pepala zioneke, ndipo chala chisakhalepo.