Lipoti la ulendo: meseji yomwe tinatumiza kwa abale ndege itachedwa

Za misonkhano ndi malo omwe tinayendera a sekilitale alemba kale, ine ndingofotokoza za pobwera, chifukwa apa mpamene gulu lathu linatsala pang'ono kusokoneza abale omwe amatidikirira ku eyapoti.

Ndege yoyamba tinayenda bwinobwino mpaka pa eyapoti yosinthira. Yachiwiri imayenera kunyamuka 14:10 nkutera 15:30, ndipo abale ambiri anali atanyamuka kale, ena ndi magalimoto a hayala. Tili pa geti bolodi inangosintha nkulemba Delayed, patapita kanthawi analengeza kuti ndege yomwe tikwere yachedwa kuchokera komwe ikuchokera, tinyamuka 17:50. Apo aliyense foni kumanja. Mayi wina analemba "tachedwa, 17:50" basi, mwana wawo kuja anamva ngati ndi nthawi yofika. Bambo wina analemba kuti "ndege ili ndi vuto", pasanathe mphindi zisanu akazi awo anali akuimba akulira, chonsecho vuto panalibe, ndegeyo inali isanafike nkomwe.

A tcheyamani ndi omwe anati tiyeni tiime kaye, tilembe meseji imodzi aliyense atumize yomweyo. Chomwe chinatitengera nthawi ndi masamu. Pa tikiti nthawi iliyonse imalembedwa malinga ndi wotchi ya malo omwewo, yonyamukira ndi ya kumene mukunyamuka, yoterera ndi ya kumene mukutera. Ndiye ukaona 14:10 ndi 15:30 umaganiza kuti ulendo ndi wa ola limodzi ndi mphindi 20, koma ayi, kumene tinaliko wotchi inali patsogolo ndi ola limodzi, mlengalenga timayenera kukhalamo maola awiri ndi mphindi 20. Tinawerengera chonchi: 17:50 kuphatikiza 2:20 ndi 20:10 pa wotchi ya kumene tinali, kuchotsa ola lija ndi 19:10 pa wotchi ya odikirira. Mafoni athu anali atasintha okha nthawi, nde munthu akanangoyang'ana foni nkuwerengera akanawauza 20:10.

Komanso kutera sikutuluka. Ndege ikatera pali mzere wa mapasipoti, kudikira zikwama, kenako a kasitomu, ndipo kwa gulu lalikulu ngati lathu simungatuluke mmodzi akadali mmbuyo, ola limatha ndithu. Meseji inatuluka chonchi:

"Tonse tili bwino. Ndege yachedwa kubwera kudzatitenga, pano akuti titera cha m'ma 19:10 madzulo ano, nthawi yanu. Kutuluka panja mwina 8 koloko. Fulaiti ndi yomwe ija, nambala sinasinthe, muziona pa bolodi ya Arrivals. Tikakwera ndikulemberaninso, kenako foni ikhala yozima mpaka titatera."

Kwa ine mzere woyambawo ndiye wofunika kuposa yonse. Munthu amene waima pa khomo lotulukira, waona anthu a ndege zina akutuluka wake osaoneka, mtima umakhala uli m'mwamba kale, akangoona mawu akuti "tachedwa" amayamba kuganiza zoopsa asanawerenge zotsatirazo. Chifukwa chake tinachilemba mwachidule, zomwe analengeza basi, osawonjezera zomwe anthu amanong'onezana pa geti. Ndipo mawu oti "akuti" ndi "cha m'ma" tinawaika dala, nthawi ya pa bolodi ndi yongoyerekeza, imatha kusunthanso. Nambala ya fulaiti tinaitchula chifukwa ife tikakhala mlengalenga sitingawauze kanthu, bolodi ndi imene iziwauza, ikalemba Landed adziwa kuti tatera. Akanatisamutsira ku ndege ina nambala ikanasintha, ndipo iwo akanakhala akuyang'ana mzere wolakwika. Mukamatera pakati pa usiku patadutsa, lembaninso tsiku, "mawa" amasokoneza kwa woiwerenga mochedwa.

China chomwe tinaona, wayifayi ya pa eyapoti imaduladula. Pa WhatsApp kachizindikiro kamodzi kamatanthauza kuti meseji yachoka koma sinafike pa foni ya winayo, tiwiri ndiye yafika. Agogo ena m'gulumo yawo inakhala pa kamodzi mpaka kalekale, mdzukulu wawo analibe data, nde tinapempha m'bale wa a tcheyamani yemwe anali kale pa eyapoti kuti amufunefune amuuze pakamwa, anamupeza.

Nthawi inasunthanso pang'ono, tinakwera mochedwerapo ndi mphindi 15, nde tili pa mipando zitseko asanatseke tinatumiza yachiwiri, "Takwera, onjezani mphindi 15, tizima mafoni." Tinatera 19:25, womaliza kutuluka ndi chikwama chake inali itangodutsa 20:15, ndipo omwe anali ndi ana anali atapeza pokhala mmalo moimirira pa khomo kuyambira masana.