Zala zisanu ndi chimodzi pa khadi la chinkhoswe

Bambo wina wa ku Senga Bay anabwera ndi chithunzi ku situdiyo yanga kuno ku Salima. Anajambulitsa atavala malaya a manja aafupi, koma pa khadi la chinkhoswe ankafuna aoneke ndi a manja aatali. Ndinatsegula Stable Diffusion, pulogalamu ya AI yojambula zithunzi, pa `Inpaint`, gawo lojambuliranso malo amene wapaka, n'kupaka mikono yonse iwiri kuchokera paphewa kutsika, `Denoising strength`, muyeso wa kuchuluka kwa zimene pulogalamuyo isinthe, ili pa 0.75.

Nsalu inatuluka bwino, mapindo ake ngati yongosita kumene. Koma dzanja lamanja linali ndi zala zisanu ndi chimodzi, wotchi itasungunukira m'nsalu, batani la kumapeto kwa mkono wa malaya litamera pakhungu.

Wolakwa ndinali ine. Popaka ndinapitirira mpaka pachikhatho, ndipo chilichonse chimene wapaka, pulogalamuyo imachijambula mwatsopano. Dzanja pa chithunzi cha thupi lonse ndi kanthu kakang'ono, mapikiselo ake ndi ochepa, ndiye zala imangoziganizira. Ndinabwereza kanayi konse, zala zikungosinthana kupindika. Nthawi imeneyo ndimainong'onezabe bondo, poti dzanja lenileni la bamboyo linali pomwepo pa chithunzi choyamba.

Ndiye ndinapita ku GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi. Chithunzi chatsopano ndinachiika pansi, chakale pamwamba, n'kuona kuti zagonerana ndendende. Pa chakalecho ndinasankha `Add Layer Mask`, kenako `Black (full transparency)`, chonse n'kubisika. Ndi burashi yoyera yofewa m'mphepete ndinapaka zala ndi chikhatho mpaka pamene timavala wotchi. Zala zisanu zenizeni zinabwerera. Wotchiyo ndinaisiya yobisika, malaya aatali amaiphimba kale.

Panatsala polumikizira, pamene nsalu ikukumana ndi khungu. Apa m'pamene pamagwiritsa munthu. Ndinabwezera chithunzicho ku `Inpaint`, koma ulendo uno ndinangopaka kalamba kopyapyala kuzungulira mapeto a mkono wa malaya, osakhudza chala ngakhale chimodzi. `Inpaint area` ndinaika pa `Only masked`, kuti kachigawoko kakulitsidwe kayambe kajambulidwa pakokha, ndipo `Only masked padding, pixels` ndinakweza kuchoka pa 32 kufika 64 kuti pulogalamuyo ione dzanja ndi nsalu zomwe zazungulira. `Masked content` ikhale pa `original`. `Denoising strength` ndinatsitsa pa 0.35. Pa 0.2 mzere wolumikizira unkaonekabe, pa 0.6 panayamba kumera batani lachiwiri.

Poyendera ndinawerenga zala mokweza ngati mwana wa Sitandade 1, n'kuyerekeza kutalika kwa manja onse awiri a malaya. Nsalu inkaoneka yomatidwa chifukwa pansi pake panalibe mthunzi, choncho ndinadetsako khungu pang'ono ndi `Dodge / Burn` ya mu GIMP.

Dzanja lamanzere linali theka m'thumba la buluku, ndipo sindinaliyerekeze n'komwe kulitulutsa. Bamboyo atabwera anayang'anitsitsa chithunzicho n'kufunsa kuti, "Achimwene, nanga wotchi yanga ija mwaipititsa kuti?" Ndinakhalanso pansi.