Mmene tinachokera pa apu mpaka kumvana mawu

Bambo amene ndikucheza nawo panopa tinapezana pa Tinder, apu yopezerapo zibwenzi, iwo ali ku Zomba, ine ndili ku Lilongwe. Tinalemberana masiku 9 tisanamvane mawu. Sikuti ndinkawerenga masiku ayi, ndinkayang'ana kayankhidwe kawo. Tsiku lina ndinawauza mongodutsa kuti mayi anga ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Patapita masiku atatu anafunsa okha kuti, "Nanga amayi aja adzuka bwanji?" Apo ndinadziwa kuti munthuyu amawerengadi zimene ndalemba, osati kungotumiza moni umodzimodzi kwa akazi khumi. Komanso mameseji athu anali atatalika moti chala chinkatopa nkhani isanathe. Kwa ine chimenecho ndiye chizindikiro chachikulu chakuti nthawi yomvana mawu yakwana.

Chimene ndinachedwa nacho ndi nambala, ndipo ndili ndi chifukwa. Chaka chatha ndinapatsa mwamuna wina nambala tsiku loyamba lomwe, mawa lake anandiitana dzina langa lonse, la bambo anga lomwe, pamene pa apu ndinangolemba dzina loyamba. Simu khadi timalembetsa ndi chiphaso cha unzika, ndipo munthu akayamba ngati akukutumizirani ndalama pa foni, dzina la mwini nambala limaoneka asanatsimikize. Ndi dzinalo anandipeza pa Facebook, nadziwa kumene ndimagwira ntchito. Zinandiopsa kwambiri. Choncho ulendo uno, ndisanapereke nambala, ndinalowa mu WhatsApp pa Settings, kenako Privacy, chithunzi changa ndi Last seen ndinaziika pa My contacts. Ndinawapemphanso kuti ayambe ndi iwo kundipatsa yawo, ndipo ndinaona kuti dzina la pa nambalayo likugwirizana ndi limene anandiuza.

Sindinathamangire kuimba. Ndinayamba ndi voisi noti, chifukwa munthu amaimvera nthawi imene wamasuka, siimudzidzimutsa ali mu minibasi kapena pamaso pa abwana. Ndinafunsa kaye: "Nkhani ya ulendo wa ku Dedza ija ndi yaitali, ndikuuzeni ndi mawu?" Atavomera, ndinakhala pakhonde madzulo, ana a oyandikana nawo atalowa m'nyumba. Ndinagwira kamaikolofoni nkukokera m'mwamba kuti kakhazikike, ndinalankhula, kenako ndinaimitsa nkumvetsera ndisanatumize. Yoyamba inakwana mphindi ziwiri ndi theka, ndinaifufuta. Kwa munthu amene sanamvepo mawu ako, imeneyo ndi katundu. Yachiwiri inali ya masekondi 40: moni, nkhani imodzi, ndi funso kumapeto kuti akhale ndi poyambira.

Kamaikolofoni kanasanduka kabuluu pasanathe ola, kusonyeza kuti amvera. Anayankha ndi mawu nawonso. Ndinamva tambala chapatali, wailesi ikulankhula chapansipansi, ndi kuseka kwawo kwamanyazi asanayambe chiganizo. Mawuwo anali a munthu wa msinkhu umene anandiuza. Akanayankha ndi malemba okha kawiri katatu, uku akupereka zifukwa zosiyanasiyana, ndikanaima pomwepo. Ena ndi amanyazi chabe, koma wamanyazi amanena poyera kuti mawu amamuvuta. Amene akubisa banja kapena zaka amazemba, ndipo kawirikawiri amapezeka usiku wokhawokha, akunong'ona.

Titatumizirana mawu masiku atatu, iwo ndi amene anafunsa zoimba. Sanangoimba mwadzidzidzi, ndipo ndinawalemekeza pa chimenecho. Tinapangana Lachinayi nthawi ya 7 koloko madzulo. Ndinaneneratu kuti ndili ndi mphindi 15 zokha, kuti ngati macheza angaume, pakhale potulukira popanda kukhumudwitsana. Ndinatchajiratu foni, ndinaonanso kuti bandulo ikwanira, chifukwa foni ikaduka pakati pa kucheza koyamba winayo sadziwa ngati ndi netiweki kapena mwamudulira dala.

Mphindi ziwiri zoyamba tinkalankhulira pamodzi, wina nkusiya, tonse nkukhala chete. Zimenezi sizinandidetse nkhawa, pa WhatsApp mawu amatha kuchedwa pang'ono kufika. Chimene ndinkatchera khutu ndi china: kodi akundifunsa mafunso, kapena akungodzifotokoza? Kodi zimene akunena zikugwirizana ndi zimene analemba? Kodi ayamba kutchula mavuto a ndalama, kapena kukakamira kuti nditsegule kamera? Palibe chimene chinachitika mwa zoipazo. Anandifunsa za amayi, ndinawafunsa za ntchito yawo, tinaseka za mvula ya ku Zomba imene inawanyowetsa popita kumsika.

Mphindi 15 zitakwana ndinatsanzika monga ndinanenera, ngakhale mtima unkafuna kupitiriza. Iwo anati, "Zikomo kwambiri, mugone bwino. Loweruka ndingaimbenso?" Ndinawauza kuti aimbe ikadutsa 4 koloko, ndikakhala nditabwera ku kwaya.