Poti amene anadzitsegukira yekha

Funso limene landizunguza mutu kwa masabata ndi ili: ngati rauta imakana kale aliyense wogogoda kuchokera kunja, nanga anthu achilendo amaona bwanji kamera ya m'nyumba? Tsopano zalowa m'mutu, mtima wakhala pansi. Rauta imalowetsa mayankho okha a zimene chipangizo cha m'kati chapempha. Wongotulukira alibe polowera pokhapokha wina atamutsegulira poti, khomo lokhala ndi nambala lodutsira mauthenga, ndipo nthawi zambiri wotsegulayo si munthu ayi, ndi `UPnP`, njira yolola zipangizo kudzitsegulira zokha mapoti pa rauta.

Tiyerekeze kamera yalandira adiresi `192.168.1.50`. Ikangolumikizidwa, ikhoza kupempha rauta kuti zonse zobwera pa poti 554, yodutsira vidiyo, ndi pa poti 80 zizipita kwa iyo. Rauta imangovomera, osafunsa pasiwedi. Tsamba la `Port Forwarding` likhoza kuoneka lopanda kanthu khomo lili pululu, chifukwa marauta ambiri amalemba zimenezi patsamba la `UPnP`. Pamenepo chotsala ndi pasiwedi basi. Ngati idakali `admin` ya kufakitale, zatha. Pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai mu 2016 inalowa m'makamera ndi m'marauta poyesa mapasiwedi otere pafupifupi 60 pa poti 23.

Ndiye zimitsani `UPnP`, kenako muzimitse rauta n'kuiyatsanso, chifukwa makomo akale nthawi zina amatsalira. Mukatero yesani kuchokera kunja, kompyuta ili pa data ya foni, osati pa waifai ya m'nyumbamo, chifukwa muli m'kati zotsatira zimanama. Pulogalamu ya `nmap` imayesa mapoti, ndipo muipatse adiresi ya kunja ya rauta, osati ya m'nyumba:

```
nmap -Pn -p 23,80,554,8080 ADIRESI_YA_RAUTA
```

Pakatuluka `open`, pali khomo. Mukufuna `filtered` kapena `closed`. Zimandiwawa kuti aphunzitsi amathera ola lonse akujambula magawo 7 a netiweki pabolodi, koma chinthu cha mphindi 5 ngati chimenechi amangochidumpha.

Kwa ine netiweki ya alendo, waifai yachiwiri yapadera pa rauta yomweyo, ndiye mankhwala abwino. Kamera, mababu a waifai ndi wailesi ya kanema zipite kumeneko ndi pasiwedi yakeyake ya zilembo zosachepera 16, ndipo muzimitse chololeza alendo kufika pa netiweki yaikulu. Babu likagwidwa, kompyuta silingaione. Vuto lake, foni imasiya kupeza zipangizo zina, chifukwa mauthenga ofufuzirana a `mDNS` sawoloka malire a netiweki. Komanso mababu ambiri amamva waifai ya 2.4 GHz yokha, ndiye mukayatsa 5 GHz yokha amangoti zii.

Pamene ndidakali njakata ndi apa. Mapoti onse atatsekedwa, kamera imaonekabe pa foni muli kutali, chifukwa imadziimbira yokha kwa kampani imene inaipanga, ndipo rauta imaona ngati ndi pempho wamba lochokera m'kati. Kuitsekera intaneti kotheratu n'kotheka, koma ndiye kuonera kutali kwafa. Sindinasankhebe kuti ndilolere chiti.