Nkhuku ziwiri ndi theka

Mayi a kunyumba ananyamuka m'mamawa kukachingamira apongozi kudepoti, n'kundisiyira mawu: "Abambo, lero tikhala anthu 10. Mapoto ndi anu."

Sindinatekeseke. Za anthu anayi ndimazidziwa pamtima: makapu awiri a mpunga wa Kilombero, makapu anayi a madzi, nkhuku imodzi, tikambuzi tiwiri. Nanga 10 kugawa ndi 4 si 2.5? Ndinachulukitsa chilichonse, mpaka kumsika ndinafunsa nkhuku ziwiri ndi theka. Wogulitsayo anandiyang'ana, n'kuyang'ana nkhuku zake zamoyo. Ndinagula zitatu.

Masamu aja anayamba kundigwiritsa fuwa la moto pa mpunga. Makapu 5 a mpunga ndinathira makapu 10 a madzi, monga mwa lamulo. Chimene kusukulu sanatiuze n'chakuti madzi amene timathira samwedwa onse ndi mpunga. Ena amathawa ngati nthunzi, ndipo othawawo amatengera kukula kwa pakamwa pa poto ndi nthawi imene yakhala pamoto, osati kuchuluka kwa mpunga. Mpunga ukachuluka, othawa sachuluka nawo chimodzimodzi, ndiye makapu 8 akanakwana. Ine nditavundukula ndinapeza madzi akubwatabe pamwamba, mpunga utafewa kale. Ndinakoleza mbaula kuti aphwe msanga. Pansi panapserera, pamwamba pali phala.

Nkhuku nazo ndinazikhuthulira zonse m'poto imodzi, yomwe ija ya masiku onse. Nyama ikathithikana siikazingika ayi. Mafuta amazizira, nthuli zimatulutsa madzi, n'kumangowira zili mbuu. Ukamva poto ikuti bwatabwata m'malo mwa tcheee, dziwa kuti wadzaza. Zimafunika kukazinga pang'onopang'ono, nthuli zosagundana, kenaka n'kuziphatikiza pothira anyezi ndi tomato.

Tikambuzi ndinaponyamo tisanu, osalawa. Masamu amalawidwa ngati? Komatu kambuzi sawawa mofanana, wina ndi wofatsa, wina ndi chigawenga, ndipo anga onse anali zigawenga. Odziwa kuphika amayamba ndi titatu, mchere n'kuwirikiza kawiri kokha, msuzi ukaphwera amalawa ndipo kenaka amawonjezera. Wochepa umawonjezera, koma wochuluka ungauvuule bwanji?

Pagome apongozi aamuna anatapa kamodzi, n'kukhala chete. Thukuta linayamba kuyenderera pa dazi. Anavula jekete, anapempha madzi, anapemphanso ena. Mlamu wanga wamng'ono anatuluka panja, akuti kukayankha foni, foniyo ataisiya pampando.

Apongozi aakazi ndiwo anaimika sipuni mumpunga muja, ndipo inaima yokha. Anatembenukira kwa mwana wawo, n'kufunsa mwaulemu wonse: "Kodi akamwiniwa akudwala? Nanga bwanji tonse tikudya nawo phala?"

Mayi a kunyumba sanayankhe. Anangodzuka, n'kukateleka madzi a nsima.