Kalata yopempha kucheza ndi anamfedwa

M'kalasi yathu ya utolankhani anatipatsa ntchito yolemba kalata yopempha kucheza ndi banja loferedwa. Ine ndinatenga chitsanzo cha kwathu ku Kasungu: bambo wophedwa ndi njovu kumunda, m'mudzi wa m'malire a nkhalango. Chibweretsereni njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, maliro otere akhala akuchitika kumeneko.

Chimene chinanditengera nthawi ndi choti kalatayo ipite kwa yani. Kwa Achewa maliro ali ndi eniake. Ukalembera mayi wamasiye mwachindunji wamuika pa mpanipani, chifukwa akavomera yekha akuchimuna adzati wagulitsa maliro a m'bale wawo. Choncho ndinalembera mwinimbumba wa malemu, kalata n'kudzera kwa anyakwawa. Isafikenso anthu akadali pasiwa. Dikira amete, abale akutali abalalike. Ndipo poti idzawerengedwa mokweza pakhonde, ena mwa omvera osadziwa kuwerenga, ziganizo zikhale zazifupi.

Pakati pake ndinalemba chonchi:

"Pepani ndi zovuta zimene zinakugwerani. Ine ndine wophunzira utolankhani, sindine wa boma kapena wa bungwe lililonse. Ndikupempha kudzacheza nanu za moyo wa malemu, ndiponso za tsikulo ngati mungalole. Kuchezaku kulibe ndalama kapena chithandizo chimene chidzatsatire. Nkhaniyi idzamveka pa wailesi, ndiye anthu akuno adzaimva. Sindidzajambula mawu kapena chithunzi musanandilole, ana sindidzawafunsa, ndipo mukafuna maina tidzawabisa. Mukaona kuti si bwino, ingouzani amfumu, sindidzakuvutitsaninso."

Anzanga ena anati chiganizo cha ndalamacho ndi chouma, tichichotse. Ine ndinakana. Kumudzi mlendo wa kope ndi cholembera amaoneka ngati wolemba maina a olandira thandizo. Banja likavomera poyembekezera chipukutamisozi, ndiye kuti silinavomere kucheza kwako, lavomera zina. Chizindikiro chake uchiona msanga: akayamba kukuwerengera ana asukulu ndi matumba a chimanga amene njovu zinawononga usanafunse, kapena akatulutsa chiphaso cha malemu, imitsa kaye, ubwereze zimene unalemba zija. Chipepeso ungapereke monga mwa mwambo, koma chisalowe mu envulopu imodzi ndi pempho.

Kudzera kwa amfumu kulinso ndi msampha wake. Kalata ikabwera ndi nyakwawa, anthu ena amaimva ngati lamulo. Mwinimbumba akhoza kuvomera mwaulemu pamene mayi wamasiye sakufuna n'komwe. N'chifukwa chake ndinawonjezera mzere wakuti aliyense adzalankhula mwa kufuna kwake, ndipo pa tsikulo ndidzawafunsanso mayiwo paokha, pali mayi mnzawo amene iwo amusankha. Akangoti "mwamva kale kwa alamu anga", amenewo akana, ndipo ndidzacheza ndi alamuwo basi.